Ndadwala malungo, pulani ya malonda sinathe

"Ndili chaka chachiwiri kukoleji. Ndinagonekedwa m'chipatala masiku 4 ndi malungo, ndipo asayimenti ya pulani ya malonda ikufunika Lachisanu lino. Ndiwalembere bwanji aphunzitsi kuti andiwonjezere masiku?"

Pepani ndi matendawo. Kalatayo ipite lero lomwe, Lachisanu lisanafike. Likadutsa, ngakhale muli ndi umboni, zimamveka ngati mukungofuna pothawira, ndipo mwina malikisi amakhala ayamba kale kudulidwa.

Musanalembe, tsegulani pulaniyo muone pomwe yalekera. Ambiri amangoti "ndiwonjezereniko nthawi", osatchula tsiku, ndiye mphunzitsi amene ali ndi ophunzira ambirimbiri amaisiya kaye pambali. Tiyerekeze kuti pulani yanu ndi yogulitsa chiponde cha m'mabotolo. Munafotokoza kale ogula anu ndi amene mukupikisana nawo. Chatsala ndi mtengo, njira zotsatsira ndi bajeti. Mtengo sungaikidwe muli pabedi, ufunika kuyenda m'magolosale kuona kuti botolo lofanana nalo akugulitsa zingati. Masiku 2 amenewo. Kulemba ndi kuwerengetsa bajeti, ena 3. Onjezanipo 2, poti malungo amasiya thupi lili lofooka ngakhale mankhwala atatha. Ndiye mupempha masiku 7.

Mwina mulemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale izi:

"Wokondedwa Aphunzitsi, ndine wakutiwakuti, nambala yanga ndi yakuti, wa m'kalasi lanu la zamalonda. Ndinagonekedwa m'chipatala kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu chifukwa cha malungo. Ndamaliza magawo awiri a pulani, ndipo ndawatumiza pamodzi ndi kalatayi. Kwatsala mtengo, kutsatsa ndi bajeti. Ndikupempha kuti mundilole kupereka ntchitoyi Lachisanu la sabata yamawa. Umboni wa kuchipatala ndauphatikiza. Ngati tsikulo silitheka, chonde ndiuzeni lomwe lingatheke."

Muikemo madeti enieni. Za kusanza ndi madiripi zisiyeni, aphunzitsi si adokotala.

Pa umboni, chofunika ndi kalata ya dokotala kapena tsamba la m'buku lanu la kuchipatala pomwe pali deti, siginecha ndi chidindo. Jambulani tsamba lokhalo ndi chikuto cha dzina lanu, chifukwa masamba enawo ndi chinsinsi chanu. Madetiwo agwirizane ndi a m'kalata, apo ayi pempho lonse likayikiridwa.

Onaninso pepala la malamulo a kosi lomwe munalandira semesita ikuyamba. Kwina mphunzitsi saloledwa kuwonjezera masiku payekha, pamafunika fomu yodzera kwa mkulu wa dipatimenti. Ngati ntchitoyo ndi ya pagulu, uzani anzanu kaye, poti mwina aphunzitsi awonjezera masiku kwa inu nokha.

Lachitatu likafika osayankhidwa, pitani ku ofesi yawo ndi kalata yosindikiza. Akavomera pakamwa, tumizani imelo yothokoza yotchula tsiku mwagwirizanalo, kuti likhale polembedwa.