"Atisiya" kapena "akutsanzika"? Nthabwala potsanzikana ndi mnzanu wa kuntchito

Funso: Mayi wina wachikulire yemwe timagwira naye ntchito wapeza ntchito kwina, ndipo anzanga andisankha kuti ndidzayankhule zoseketsa pomutsanzika. Ndalemba kuti: "Amayi athu atisiya. Kanali kamunthu kochedwa tsiku lililonse, koma tidzakasowa." Mnzanga wina akuti ndifufute zonse. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mnzanuyo wakuthandizani, mumuthokoze. Mtima wanu ndi wabwino, koma mawu mwasankhawo akunena zina.

Tiyambe ndi "atisiya". Munthu akamva kuti "amayi athu atisiya" saganiza za ntchito yatsopano, amaganiza za maliro. Mawuwa ali gulu limodzi ndi "atsogola" ndi "apita", omwe timagwiritsa ntchito popewa kutchula imfa mwachindunji. Ndiye inu mwawonjezera "kanali", nthawi yakale, ngati mukuwerenga mbiri ya malemu pomwe mwini wake wakhala pampando akukuyang'anani. Ena amachita dala zimenezi poti aseketse anthu, koma ine sindilangiza. Simudziwa amene waferedwa posachedwa pagulupo, ndiponso munthu wachikulire sakondwa kumva imfa yake ikuseweretsedwa. Nenani kuti "amayi athu akutsanzika" kapena "akukayamba ntchito kwina", ndipo muziwatchula ngati munthu amene alipo: "ndi munthu wotere", "amakonda zakuti".

Chachiwiri ndicho chandikhudza kwambiri, ka- wa "kamunthu". Mphatikiram'mbuyo ameneyu amachepsa, ndipo sayenda yekha. Taonani momwe wafalikira m'chiganizo chanu: kanali, kamunthu, kochedwa, tidzakasowa. Kanayi konse mayiwo mwawachotsa m'gulu la anthu n'kuwaika m'gulu la kambalame ndi kampeni. Ulemu wa a- umene munayamba nawo pa "amayi athu" wathera pomwepo. Kwa khanda, "kamwana kokongola" ndi mawu achikondi. Kwa munthu wamkulu, pamaso pa abwana ndi achinyamata omwe iye anawaphunzitsa ntchito, ndi chipongwe, ngakhale mutanena mukumwetulira. Chi- wokuza nayenso ndi chimodzimodzi: "chimayi" kapena "chimunthu" chimaloza thupi la munthu, ndipo thupi si loseweretsa pamwambo wotere.

Sikuti ka- ndi woletsedwa. Muikeni pa chinthu, osati pa munthu. "Kabuku kawo kofiira kaja kamene amalembamo aliyense wobwereka cholembera" ndi mawu oseketsa, ndipo mwini kabukuko akadali "iwo".

Tsono za kuchedwazo. Chichewa chimasiyanitsa bwino kumuseka munthu, kuseka naye, ndi kumuseketsa. Pa "kumuseka", munthuyo ndiye choseketsacho, ena onse akusangalala iye akuchita manyazi. Ntchito mwapatsidwayi ndi yomuseketsa, kutanthauza kuti woyamba kuseka akhale iyeyo. Kuchedwa kuntchito ndi mlandu, si khalidwe loseketsa ayi. Mukakunena pagulu mwawaneneza kwa abwana, ndipo wina akajambula pafoni, mawuwo akhoza kukafika kumene akupitako iwo asanafike n'komwe. Zangongole, zabanja, zaka zawo ndi matenda zili m'gulu lomwelo. Sankhani chimene iwo eni amanyadira, kenaka kusekedwako kugwere inu otsala.

Tiyerekeze kuti mayiwo ndi amene aliyense amathamangira makina osindikizira akavuta. Mukhoza kunena chonchi:

"Amayi athu akutsanzika lero. Zaka zonsezi ife timayesa kuti makina osindikizira aja amayendera magetsi. Ayi ndithu, amayenda chifukwa choopa amayiwa. Ife tikawakhudza, pepala limakanirira m'kati. Iwo akangoima pafupi n'kutsokomola, mapepala ali mbwee! Ndiye amayi, musazimitse foni Lolemba m'mawa, chifukwa tonse tidzakhala titazungulira makinawo ngati anapiye osowa make."

Apa amene akusekedwa ndi makina ndi anthu otsala, pomwe mayiwo atuluka ali katswiri. Onaninso kuti ulemu sunaduke: amayiwa, iwo, musazimitse. Ngakhale mumatchulana "iwe" mukakhala awiri, pagulu bwererani kwa "inu", makamaka poti ndi aakulu kwa inu. Mawu amvekero ngati "mbwee" amakugwirirani ntchito yaikulu, chifukwa anthu amaseka kamvekedwe kake popanda wina wolaswa.

Mukamaliza kulemba, awerengereni mayiwo pambali tsiku lisanafike. Akaseka mpaka kuwonjezera zawo, zili bwino. Akangoti "aa, palibe vuto" maso ali pansi, chiganizo chimenecho chichotseni.