Moni wa Chiswahili m'mawu olandira alendo pamsonkhano

"Anzanga ndithandizeni. Sabata ya mawa tili ndi msonkhano wa alimi a nshawa ndi soya kuno ku Chipata, ndipo kubwera alendo 8 ochokera ku Mbeya, ku Tanzania. Andisankha kuti ndilankhule mawu olandira alendo, mphindi ziwiri chabe. Ndikufuna kuwapatsa moni m'chilankhulo chawo ndi kumasulira tanthauzo lake. Ndinene chiyani?"

Amayi, tengani liwu limodzi lokha: karibuni. Musavutike kuloweza chiganizo chonse cha Chiswahili. Chiganizo chachitali chimathawa m'mutu maikolofoni akangofika m'manja, koma liwu limodzi lomwe mukulidziwa bwino lidzakukwanirani mphindi ziwirizo.

Poyamba onani kathero kake. Karibu amauza munthu mmodzi, karibuni amauza anthu ambiri. Ndi -ni yemwe uja wa kwathu, monga fika ndi fikani, lowa ndi lowani. Inu muli ndi alendo 8, ndiye ndi karibuni. Mukanena karibu sadzakwiya, koma aliyense adzacheukira mnzake kuti kodi walandiridwa ndani pakati pathu. Potchula, mawu amatsamira pa bu: ka-ri-BU-ni. Ife a kuno r ndi l timazisakaniza, choncho likatuluka kalibuni musachite manyazi n'kuyamba kubwereza, adzamva ndithu. Mukafuna kuonjezera kamchere nenani karibuni sana, sana ndiye kwambiri.

Tanthauzo lake ndi pomwe pali nyama. Ambiri amangoti karibuni ndiye kuti takulandirani, n'kupitirira. Si bodza, koma liwulo palokha limatanthauza pafupi. Lidalowa m'Chiswahili kuchokera ku Chiarabu, ndipo mpaka lero Mswahili akafuna kunena kuti msika uli pafupi amagwiritsa ntchito karibu yemweyo. Ndiye pouza mlendo kuti karibu akumuuza kuti yandikira, sendera kuno, usaime patali. Mlendo akafika pakhomo amati hodi, mwini nyumba n'kuyankha karibu. Kodi si odi wathu ameneyo, ndi fikani wake? Pa chakudyanso amatero: ukawapeza akudya amati karibu, monga ife timanenera kuti sambani m'manja tidye. Alimi a ku Katete kapena ku Lundazi mukawamasulira motere adzagwedeza mitu, chifukwa mwawaonetsa chinthu chawo chomwe chavala malaya a eni.

Tsono chimene ambiri amaphonya ndi ichi: moni ndi wa anthu awiri. Mukati karibuni, alendowo adzayankha asante, kapena asante sana, kutanthauza zikomo kwambiri. Muwasiyire mpata. Ine ndidalakwitsapo pa msonkhano wina wa mpingo. Ndidatchula moniwo bwinobwino, maso ali papepala, n'kuthamangira chiganizo chotsatira. Alendo adayankha ndili m'kati molankhula, mawu athu adagundana, ena kumbuyo adaseka, ine mpaka kusokoneza mzere womwe ndinali. Kuyambira pamenepo papepala langa ndimalemba liwu loti DIKIRA m'zilembo zazikulu pambuyo pa moni. Mukatchula, kwezani mutu, ayang'aneni kumene akhala, werengani mumtima mpaka katatu. Akakhala chete chifukwa cha manyazi, mwetulirani n'kubwereza kamodzi ndi dzanja lotambasulira kwa iwo. Kachiwiri sakanika.

Malo a moniwo m'mawu anu nawonso ndi nkhani. Musayambe nawo. Kuno kwathu timayamba ndi ulemu kwa akuluakulu, ndipo ngati pali mfumu kapena nduna yake, kudumpha iwo n'kuthamangira Chiswahili anthu adzakunenani kuposa mmene angakuyamikireni. Funsani okonza msonkhano akupatseni mndandanda wa maudindo dzulo lake, osati m'mawa womwewo. Moni wachilendo ubwere pambuyo pa ulemuwo, pamene mukutembenukira kwa alendo.

Nachi chitsanzo, musinthe mogwirizana ndi amene adzakhalepo:

"Mlendo wathu wolemekezeka, mafumu athu, awapampando, alangizi a zaulimi, alimi anzanga, amayi ndi abambo nonse monga mwa maudindo anu, mwauka bwanji?

Lero pakati pathu pali abale athu amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Mbeya, m'dziko la Tanzania. Ndiloleni ndiwalonjere m'chilankhulo chawo. Abale athu, karibuni! Karibuni sana!

(DIKIRA)

Mwawamva, ayankha kuti asante, ndiye zikomo wawo. Liwu ndanenali, karibuni, limatanthauza kuti yandikirani, bwerani pafupi. Kwawo mlendo akati hodi pakhomo amamuyankha choncho, monga ife timanenera kuti fikani. Ndiye abale athu, musakhale kumbuyo ngati odutsa. Senderani pafupi, mutiuze mmene mumalimira kwanu, mmene mumasungira mbewu, mmene mumapezera msika, nafenso tikuonetseni nshawa zathu za kuno kum'mawa. Akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife tabwera okonzeka kumetedwa.

Tsopano ndipemphe tonse a kuno tiwalandire ndi liwu limodzi. Ndikawerenga mpaka katatu tinene pamodzi kuti karibuni.

(DIKIRA)

Zikomo kwambiri. Nonse takulandirani ku Chipata. Ndibweze mwambo kwa awapampando."

Mawu amenewa, mukawalankhula modekha pamodzi ndi kudikira kuwiri kuja, akwana m'mphindi ziwiri. Koma yesani nokha kunyumba ndi wotchi ya pafoni, mokweza mawu, osati mumtima. Akapitirira, dulani mwambi uja, osati kumasulira kwa moni. Mwambiwo ndimaukonda chifukwa anthu amaseka pa kumetedwa, komabe ndi chokongoletsa chabe.

Pali vuto limodzi lomwe muyenera kuliganizira msanga. Kumasulira konseko mukuchita m'Chinyanja, ndipo alendo anu sakumva. Iwo adzangomva karibuni, hodi ndi asante zikutchulidwa, anthu akuseka, osadziwa ngati akusekedwa ndi iwo. Ngati pali womasulira, mupatseni pepala lanu pasadakhale ndipo akhale pafupi nawo. Ngati palibe, ndime ya pakati ija muinenenso mwachidule m'Chizungu, ziganizo ziwiri basi. Zikatero mphindi ziwiri zija zidzathina, ndiye pamenepo mwambi uchoke ndithu.

Wina mwina akuuzani kuti munene jambo. Ine sindingakulangizeni. Limeneli amakonda kuuza alendo okaona malo, ndipo kwa anthu a ku Mbeya limveka ngati mwalitola pamalaya ogulitsa pamsika. Moni wake weniweni kwa anthu ambiri ndi hamjambo, ndipo iwo amayankha hatujambo, koma umenewo ndi wofunsa za moyo monga muli bwanji, si wolandira. Shikamoo nayenso musiyeni, ndi wa wamng'ono kulonjera wamkulu.

Chinanso, funsani ngati alendo akunja ndi a ku Tanzania okha. Misonkhano ya kuno kawirikawiri kumabwera anzathu a ku Mchinji kudzera pa Mwami, nthawi zina a ku Tete. Amenewo ambiri Chichewa ndi chawo chomwe, safuna moni wachilendo, koma muwatchule ndithu ndi dzina la kwawo, chiganizo chimodzi, asaone ngati kuchokera pafupi kwawachotsera ulemu wa alendo.

Alendowo akafika dzulo lake, pitani komwe agona mukatchule liwulo pamaso pa mmodzi wa iwo, akukonzeni pomwepo. Ndipo ngati adzakupatsaninso maikolofoni tsiku lotseka, onjezani liwu limodzi: karibuni tena. Tena ndiye kachiwiri, kutanthauza kuti mudzabwerenso.