Amayi andipezera mkazi ku Lizulu, koma ku Joni ndimakhala ndi mwamuna

"Kwathu ndi ku Lizulu, ndili ndi zaka 29, ndipo ku Joni kuno ndatha zaka zinayi. Ndimakhala ndi mwamuna mnzanga wa konkuno, palibe amatilozera chala. Amayi ndi malume andipezera mbeta, akuti Disembala ndibwere tidzapereke chikole. Ndimatumiza marandi 1,500 mwezi uliwonse. Usiku sindigona, ndimadziona ngati wabodza kumbali zonse ziwiri. Wina akuti ndingopempha asayilamu. Nditani?"

Achimwene, tiyambe ndi chikolecho, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi chokhacho chili ndi tsiku lake. Musalole kuti chiperekedwe. Ukwati wa kwathu kuno suyamba pa tsiku la chinkhoswe, umayamba pamene malume anu akhala pamkeka ndi akuchikazi. Nsalu kapena ndalama zikangolandiridwa, mtsikanayo amadziwika kuti ndi wotomeredwa, anyamata ena amamusiya, amayi ake amayamba kusunga chimanga cha thobwa. Mukadzakana pambuyo pake, manyazi sagwera inu amene muli kutali. Amagwera malume amene anakayankhula, ndi mtsikana amene sanalakwe kanthu. Ndipo mudzi ukayamba kufunsa kuti "wakaniranji mwana wabwinobwino ngati uyu?", mpomwe mphekesera imene mukuiopayo imabadwira.

Ena adzakuuzani kuti ingokwatirani, mumangire nyumba, mubereke mwana mmodzi, mubwerere. Alipo ochita zimenezo. Koma taganizani moyo wa mayiyo. Pakhomo pali malata ndi sola, mwamuna amabwera masabata awiri pa chaka n'kumagona chofulatira, iye n'kumapita kwa asing'anga poganiza kuti vuto ndi lake. Bodza limene likukulandani tulo lero lidzakhala ndi ankhoswe, mwana ndi setifiketi ya kutchalitchi.

Kukana kwake kuli ndi njira. Imbirani malume, osati amayi, chifukwa mawu a ukwati amanyamula ndi iwo, ndipo muimbe tsopano, osadikira Novembala. Musanene kuti "chaka chamawa" kapena "ndikapeza ndalama", popeza zifukwa zotere zimatha, ndipo malume akhoza kugulitsa matumba asanu a mbatatesi n'kukuuzani kuti ndalama yapezeka. Nenani mawu osabwezeka koma aulemu: "Malume, ndathokoza kuti mukundiganizira, koma mwanayo musamutsekere mwayi. Nkhani ya banja ndidzabwera nayo ndekha kwa inu. Chithandizo cha amayi sichisintha." Chiganizo chomalizachi musachisiye. Kawirikawiri kholo likamakakamiza ukwati limakhala likuopa kuti mwana atchona, ndiye likufuna chingwe chomukokera kumudzi. Marandi 1,500 aja azifika pa Mukuru tsiku lomwelomwelo mwezi ndi mwezi, makamaka miyezi itatu yotsatira kukanako. Mukadumphitsa mwezi umodzi wokha, adzati mwawataya.

Onani kuti m'mawu amenewo mulibe bodza. Kukana mkazi ndi kuulula za moyo wanu ndi nkhani ziwiri, ndipo yachiwiriyo ilibe Disembala.

Tsopano za asayilamu, pamene munthu uja wakuuzani theka. N'zoona kuti lamulo la othawa kwawo la ku South Africa la 1998 limavomereza munthu wozunzidwa chifukwa chokonda amuna kapena akazi anzake. Tiwonge Chimbalanga, amene anagamulidwa zaka 14 pamodzi ndi Steven Monjeza mu 2010 Bingu wa Mutharika asanawakhululukire, anakakhala ku Cape Town mwa njira yomweyi. Koma wopempha chitetezo amakhala akunena kuti kwawo sangabwerereko. Mukalandira pepalalo kenako n'kukwera basi pa Park Station, kudinditsa pasipoti pa Beitbridge ndi pa Dedza, mwadzitsutsa nokha ndipo chitetezocho akhoza kukulandani. Dzifunseni mosabisa: amayi atadwala mwakayakaya mungakhale osapita? Komanso munthu amene wakhala zaka zinayi osapempha amafunsidwa chifukwa chimene anachedwera, ndipo akhoza kukanidwa.

Poti mnzanu wa m'nyumbayo ndi nzika ya kumeneko, funsani kaye za viza ya okhalira limodzi. Malamulo a kumeneko amawerengera chibwenzi chokhazikika cha amuna okhaokha ngati banja, bola muonetse kuti mwakhala zaka ziwiri: pangano losainira kwa loya, kalata ya lendi yokhala ndi mayina onse awiri, umboni woti mumathandizana pa ndalama. Chopunthwitsa ndi masiku. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 polowa, ndipo amene wapitirira ndi masiku oposa 30 akamatuluka amaletsedwa kubwereranso kwa zaka zisanu. Ngati anu anatha kalekale, ulendo wa Disembala ukhoza kukhala wopita kokha. Musanagule tikiti, kaonaneni ndi a Lawyers for Human Rights ku Joni komweko, kapena a PASSOP ku Cape Town, amene amathandiza obwera ngati inu.

Mukapita, dziwani kuti malamulo ndi osiyana ngati usana ndi usiku. Kumeneko malamulo aakulu a 1996 amaletsa tsankho lotere ndipo ukwati unaloledwa mu 2006. Kuno gawo 153 la malamulo a milandu likadali ndi chilango cha zaka 14, gawo 156 zaka zisanu, ndipo khoti linakana kuwafafaniza mu Juni 2024. Ukwati wa kumeneko kuno sudziwika. Komabe chimene chimagwetsa anthu obwera kutchuthi nthawi zambiri si wapolisi, ndi foni. Mwana wa mlongo wanu adzaibwereka kuti aonere mavidiyo, mnzanu wa kusukulu adzati "ndiimbireko". Zithunzi ndi mauthenga zisakhalemo, WhatsApp ikhale ndi loko yakeyake, ndipo uthenga usamaoneke pagalasi foni ikangolira. Facebook nayo imaonetsa anzanu a kumeneko kwa abale a kuno. Wina akayamba kufuna ndalama kuti asaulule, musalipire, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Sungani mauthengawo mukaonane ndi a CEDEP, bungwe la kuno ku Malawi loteteza ufulu wa anthu ngati inu. Ndipo musaiwale kuti Joni ndi Ntcheu yaing'ono. Amene mumapemphera naye Lamulungu, kapena dalaivala amene amanyamula katundu wanu, amafika pa Tsangano Thenofu musanafike inu.

Za kusagona kuja. Sikuti muli ndi matenda: bungwe la zaumoyo padziko lonse linachotsa nkhani yokonda mwamuna kapena mkazi mnzako pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo kusala kudya kapena madzi a aneneri sizisintha amene mtima umamufuna, zimangowonjezera kudzida. Koma chikukudyanicho chingakhale mantha kapena chikumbumtima, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Dziyeseni motere: amayi atadziwa mawa n'kunena kuti "ndiwe mwana wanga basi", mtima ungatsike? Ngati ungatsike, ndi mantha otaya abale, ndipo ntchito yake ndi kupeza munthu mmodzi wa kubanja, kawirikawiri mlongo, amene angasunge mawu, n'kumuuza muli kutali, mapepala ali bwino, ndalama zili m'dzina lanu. Ngati ungakhalebe wolemera, ndiye nkhani ili pakati pa inu ndi chikhulupiriro chanu, ndipo kuulula kwa amayi sikungaithetse. Imeneyo imafuna mlangizi kapena mbusa amene sathamangira kukuweruzani, ndipo a OUT ku Pretoria, amene amathandiza anthu ngati inu, kapena a SADAG, amene amathandiza ovutika maganizo, angakulozereni. Mukatha masabata awiri osagona, osadya, kapena maganizo odzipha akabwera, pitani kukiliniki tsiku lomwelo.

Mnzanu wa m'nyumbayo muuzeni za chikolechi lero. Asadzamve kwa anthu kuti kwanu akukonza thobwa.