Mng'alu umodzi, miyezo iwiri: vuto lili pa kapendekedwe ka kamera

"Ndinajambula mng'alu wa pansi pa simenti, nditaika pepala la A4 pambali pake kuti ndiziyezera. Ndikawerengera ndi mbali yaifupi ya pepalalo ndikupeza masentimita 23, ndi yaitali ndikupeza 45. Kumaloko sindingabwererenso. Woona ndi uti?"

Palibe woona pa iwiriyi, koma chithunzi chanu sichinapite pachabe, ndipo munachita bwino kuika pepalalo.

Ndatsegula chithunzi munanditumiziracho n'kuwerenga mapikiselo. Mbali ya pepala yomwe ili kufupi ndi kamera yatenga mapikiselo 700, pomwe inzake ya kutsidya yatenga 560. Chonsecho zonse ziwiri ndi mamilimita 210. Apa mukuona kale kuti pachithunzi chojambulidwa chopendekeka mulingo sukhala umodzi: chinthu chikamatalikira kamera, chimanka chichepa. Pamwamba pa izi, mtunda wochoka kwa inu kumka kutsogolo umafinyika kuposa wopingasa. Mng'alu wanu wagona molunjika kutsogolo, ndiye n'chifukwa chake mbali yaifupi inakupatsani nambala yochepa kwambiri. Mbali yaitali inayandikirako, koma mng'aluwo wapitirira pepala, wafika komwe zinthu zafinyika koposa.

Chokonzera n'choti mubweze simentiyo ioneke ngati munaijambula mutaima pamwamba pake penipeni. Masamu ake ali ndi manambala asanu ndi atatu osadziwika, ndipo mfundo iliyonse yomwe malo ake enieni mukuwadziwa imapereka awiri. Choncho pafunika mfundo zinayi, pasakhale zitatu zondandalikana mumzere umodzi. Ngodya zinayi za pepala la mamilimita 210 kwa 297 zikukwanira. Ine ndimakonda kusamutsa mfundo zokha, osati kuwongola chithunzi chonse, chifukwa kukoka chithunzi kumasokoneza m'mphepete mwa zinthu.

```python
import cv2, numpy as np
a = np.float32([[100,900],[800,900],[730,400],[170,400]])
b = np.float32([[0,0],[210,0],[210,297],[0,297]])
H = cv2.getPerspectiveTransform(a, b)
p = cv2.perspectiveTransform(np.float32([[[900,900],[765,150]]]), H)[0]
print(np.linalg.norm(p[1] - p[0]))
```

Mu `a` muli ngodya monga zilili pachithunzi, mu `b` muli ngodya zomwezo m'mamilimita, motsatana chimodzimodzi, ndipo `H` ndi masamu osamutsira mfundo kuchoka pachithunzi kupita m'mamilimita. Mukasinthanitsa ziwiri, yankho limatuluka losokonekera. Mfundo ziwiri zinazo ndi nsonga za mng'alu. Yankho ndi mamilimita 509, kapena kuti masentimita 51, kuchokera nsonga kufika nsonga. Ngati mukufuna kutsata makhotakhota ake, ikani mfundo zambiri n'kuphatikiza zidutswazo.

Ngati makodi si mbali yanu, pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP ili ndi chida cha `Perspective`. Sankhani `Corrective (Backward)`, kokerani ngodya zinayi pa ngodya za pepala. Kenaka musaiwale kukonza m'litali ndi m'lifupi mwa chithunzi kuti pepala likhale 210 kwa 297, chifukwa kukhala ndi ngodya zowongoka pakokha sikutanthauza kuti mulingo wabwerera.

Tsono 509 ameneyu timukhulupirire mpaka pati? Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo. Nsonga yakutali ili mamilimita oposa 200 kunja kwa pepala, ndipo kumeneko masamu akungopitiriza zomwe aona papepala. Ndinayesa kusuntha ngodya ziwiri zakutali, iliyonse mapikiselo 5 kulowa mkati, yankho linakwera ndi mamilimita 7. Mapikiselo 5 ndi ochepa zedi, pepala lopiringizika pangodya likhoza kuwabweretsa lokha. Kulitsani chithunzi posankha ngodya, ndipo polemba lipoti nenani kuti pafupifupi masentimita 51, osati 509 ngati kuti munayeza ndi tepi.

Ena amayeza pepala modutsa ngodya ndi ngodya, akapeza mamilimita 364 amati zatheka. Izi sizitsimikizira kanthu, poti ngodyazo mwazikakamiza nokha kukhala pamalo pake, ndipo 364 adzatuluka ngakhale munazisankha molakwika. Yezani chinthu china chomwe simunachigwiritse ntchito pokonza, chomwe kukula kwake mukukudziwa, makamaka chomwe chili kufupi ndi nsonga yakutali ija.

Kukonza kumeneku kumagwira zokhazo zomwe zagona pamalo afulati amodzi ndi pepala. Mng'alu wanu uli pa simenti pomwepo, ndiye zili bwino. Koma thabwa lomwe likuoneka pakona ya chithunzi musaliyeze ndi `H` yemweyu. Ngati kamera inali masentimita 100 kuchokera pansi, ndipo thabwa n'lochindikala masentimita 5, pamwamba pake padzatuluka pokulirapo ndi 100 kugawa ndi 95, ndiye kuti kutalika kwa masentimita 50 kudzaoneka ngati 52 ndi theka.

Onaninso mzere wa m'munsi mwa khoma pachithunzipo. Ukakhala wokhota ngati uta, ndi lenzi yaukhotetsa, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi malenzi otenga malo aakulu, makamaka m'mbali mwa chithunzi. Mfundo zinayi sizingawongole zimenezo, chifukwa masamuwa amatenga mzere wowongoka n'kuusiya wowongoka, wokhota n'kuusiya wokhota. Lenzi iyambe yakonzedwa, kenaka ngodya. Pa chanuchi ndinagoneka mzere pakhomapo, sunapatuke ndi pikiselo yoposa imodzi, choncho sindinakhudzepo.