Bajeti yoyambira pa ziro: matumba a chimanga a ku hositelo

Funso: "Ndangopatsidwa kumene uhedi pa sekondale yoyendera ina kuno ku Kasungu, ndipo tili ndi hositelo ya atsikana 80. Akomiti akufuna kuti bajeti ya chaka chamawa ndiyiyambire pa ziro. Kodi zimenezi zikutanthauza chiyani, nanga ndiyambire pati?"

Ahedi, chimene akomiti akukupemphani ndi chakuti musatenge bajeti ya chaka chatha n'kungowonjezerapo pang'ono paliponse, monga momwe ambirife tinazolowerera. Akufuna kuti chinthu chilichonse chiyambe chilibe ndalama, ndipo chilandire ndalama pokhapokha mutaonetsa ntchito yake, kuchuluka kwake ndi mtengo wake wa lero. Njirayi anaitchukitsa ndi Peter Pyhrr wa ku kampani ya Texas Instruments ku Amereka cha m'ma 1970, koma pa sukulu ngati yanu imangofuna kaundula wa ophunzira, buku la kusitolo yosungiramo katundu ndi mitengo ya pamsika.

Yambani ndi chakudya cha ku hositelo, chifukwa n'chimene chimatha ndalama zambiri. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi oyerekeza chabe, ndipo inu muikepo anu. Tinene kuti mtsikana mmodzi amadya ufa wolemera magalamu 400 pa tsiku, nsima ya masana ndi yamadzulo pamodzi ndi phala la m'mawa. Atsikana 80 adzafuna makilogalamu 32 pa tsiku, ndipo ngati kalendala ya sukulu ikuonetsa kuti m'materemu atatu adzakhala pa hositelo masiku 270, ufa wonse ukhala makilogalamu 8,640. Chimanga chimachepa pochipeta ndi pochigaya, choncho onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi ngati mumadya mgaiwa, ndipo mupeza matumba 190 a makilogalamu 50. Mukamakonola kuti mudye ufa woyera, chotayika chimaposa pamenepa chifukwa madeya amachoka ambiri. Pa mtengo wa K50,000 thumba limodzi, chimanga chokhacho chitenga K9,500,000, ndipo pansi pake mulembe padera ndalama ya kuchigayo, ya mayendedwe ndi ya mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe.

Mukamaliza kuwerengera kumeneku, m'pamene mungatsegule mabuku a chaka chatha, osati kuti mukopere, koma kuti muyerekeze. Mukapeza kuti anagula matumba 240 atsikana ali 80 omwewo, ndiye kuti pali matumba 50, a ndalama zokwana K2,500,000, amene akufunika kufotokozedwa. Musafulumire kunena kuti munthu anaba. Mwina alonda ndi ophika amadya nawo, ndipo ngati zili choncho awerengeni poyera m'bajetimo. Mwina chimanga chinafumbwa. Mwina muyezo wanu wa magalamu 400 ndi wochepa, ndipo mungautsimikize poyeza pa sikelo ufa umene ukutuluka m'sitolo kwa sabata yathunthu. Bajeti yongowonjezera pa ya chaka chatha ikanawanyamula matumba 50 amenewa chaka ndi chaka popanda wofunsa.

Pa mtengo samalani kwambiri. Chimanga cha mu Meyi ndi Juni, anthu atangokolola, sichifanana mtengo ndi cha mu Januwale ndi Febuluwale, choncho lembani mwezi umene mudzagule, poganiziranso kuti fizi ya ku hositelo imabwera teremu ndi teremu, osati yonse nthawi imodzi. Amene anali ndi bajeti mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo wakale ndi wosadalirika. Ndalama yapadera ya zadzidzidzi ikhale pa mzere wakewake woonekera, osati yobisika m'mitengo.

Kenako chinthu chilichonse chilembeni m'magawo atatu, ndipo pa ndiwo zimaoneka bwino. Gawo loyamba ndi lochepetsetsa limene hositelo singayende popanda ilo, monga nyemba ndi masamba tsiku lililonse. Lachiwiri ndi mmene mukuchitira panopa, mwina usipa kawiri pa sabata. Lachitatu ndi lokweza, monga nyama kamodzi pa sabata. Lililonse likhale ndi mtengo wake. Mukatero pa choko, mayeso, madzi ndi kukonza madesiki, khalani pansi ndi akomiti, musanje magawo onse kuyambira lofunika koposa, ndipo mudule mzere pamene ndalama zimene mukuyembekezadi kutolera zathera. Ine ndimalangiza kuti ndalama za ku hositelo muziwerengere pa ophunzira amene analipiradi fizi chaka chatha, osati onse olembedwa m'kaundula.

Njirayi imadya nthawi, choncho musaitayire pa malipiro a aphunzitsi amene amalipidwa ndi boma, kapena pa ngongole imene sukulu inasainira kale. Chaka choyamba chino sankhani zinthu zinayi kapena zisanu zazikulu, ndipo sikelo ija muyiike m'sitolo teremu ino isanathe.