Kalata yopempha thandizo lophunzitsa achinyamata ntchito zamanja

"Akuluakulu, gulu lathu likufuna thandizo lophunzitsa achinyamata usoki ndi ukalipentala. M'kalata yachidule yopita kwa opereka ndalama tilembemo chiyani?"

Achimwene, masamba awiri akwana. Poyamba tchulani dera, achinyamata angati, a zaka zingati.

Ambiri amagwa pa zotsatira. Kulemba kuti "tidzaphunzitsa achinyamata 40" ndi ntchito yomwe mudzagwire chabe. Chotsatira ndi chomwe chidzasinthe pa moyo wawo. Mwachitsanzo: mwa 40 aja, 30 adzamaliza maphunziro, ndipo pakatha miyezi 6, 20 adzakhala akupeza ndalama ndi lusolo. Nenaninso m'mene mudzadziwire, kaya powayendera kapena poona mabuku awo a malonda. Ngati satifiketi idzachokera ku TEVETA, kambiranani nawo musanalembe zimenezo.

Bajeti ikhale ya mizere yochepa: aphunzitsi, makina ndi zipangizo, malo, zida zoyambira ntchito, kuyendera ophunzira, ndi za ofesi. Ndalama zonse muzigawe ndi 40, chifukwa woweruza pempholo amafuna kuona mtengo wa wophunzira mmodzi. Zida zoyambira musazichotse pofuna kuchepetsa bajeti. Telala wopanda makina sangasoke, ndiye 20 munalonjeza aja sadzapezeka. Ngati mfumu yapereka malo ulere, lembani ngati chopereka chanu.