Denga likudontha, mvula yayandikira: kalata yopita kwa eni nyumba

Funso: "Ndimachita lendi mbali imodzi ya nyumba ya mabanja awiri pa Dedza boma, K80,000 pa mwezi. Denga la kuchipinda lidadontha dzinja lathali mpaka siling'i idafufuma. A landilodi ndawauza pakamwa kangapo, amangoti tiona. Ndiwalembere bwanji kalata yaulemu kuti akonze mvula isanayambe? Nanga ndisiye kulipira lendi?"

Mayi, lendi musasiye kulipira. Pa malamulo, udindo wanu wolipira lendi ndi udindo wa eni nyumba wokonza denga amaonedwa ngati zinthu ziwiri zosiyana. Mukangosiya kulipira, wophwanya pangano mumakhala inu, ndipo mwawapatsa chifukwa chokutulutsani ndi kukutsatani ndi ngongole.

Musanalembe, onani pangano lanu ngati mudasainirana pepala, ndime yonena za kukonza nyumba. Zolembedwa pamenepo ndizo khoti limayamba kuyang'ana. Ngati pepala palibe kapena silinena kanthu, nkhani yanu ili ndi mphamvu ndithu chifukwa mukuchita lendi mbali chabe ya nyumba. Lamulo la malo olembetsedwa m'kaundula wa boma limati pamene munthu wabwereketsa gawo lokha la nyumba, kusamalira denga, zipupa zikuluzikulu ndi ngalande zazikulu za madzi ndi kwa mwini nyumba, pokhapokha mutagwirizana zina. Lamulolo limakhudza malo olembetsedwa okha, koma ngakhale pamalo ena nkovuta kuti khoti lisenzetse munthu wa mbali imodzi denga lomwe likufunditsa mabanja awiri. Wochita lendi nyumba yonse ndiye asamale kwambiri, chifukwa mapangano ena amaika zokonzakonza pa iyeyo.

Phindu la kalata ndi ili: mwini nyumba amayamba kukhala ndi mlandu wosakonza kuyambira pamene wadziwitsidwa za vutolo ndi kupatsidwa nthawi yokwanira. Zapakamwa amatha kuzikana, koma kalata yokhala ndi deti siikanika.

Kalata yongoti "denga likudontha" imayankhidwa ndi phula pang'ono basi. Choncho yambani mwaitana kalipentala aone, inu musakwere nokha. Aone ngati madzi akulowera pa misomali yomwe yasukusa kapena mphira zake zatha, pa lata lomwe laboola ndi dzimbiri, polumikizira malata pomwe sadasanjikizane mokwanira, kapena pa lata lovindikira msonga wa denga. Kumbukirani kuti madzi amatsetsereka ndi thabwa, ndiye pomwe siling'i yathimbirira si nthawi zonse pali bowo. Aonenso matabwa omwe malata akhomedwapo. Ngati adaola kapena adadyedwa ndi chiswe, msomali watsopano sugwira, ndipo mphepo yotsogolera mvula yoyamba ikhoza kusasula lata lonse. Phula limathandiza pa bowo laling'ono, koma limang'ambika ndi dzuwa la Okutobala. Kalipentalayo alembe pa pepala zofunika ndi mtengo wake, inu mujambule zithunzi za siling'i, chipupa ndi katundu amene adanyowa.

Kalatayo ikhoza kukhala motere:

6 Okutobala

Wokondedwa Bambo,

PEMPHO LOKONZA DENGA MVULA ISANAYAMBE

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndine amene ndikuchita lendi mbali ya kum'mawa ya nyumba yanu, ndipo lendi ya mwezi uno ndidalipira pa 1 Okutobala.

Monga ndidakuuzani pakamwa m'mbuyomu, denga la kuchipinda chogona lidadontha dzinja lathali. Siling'i idafufuma pafupi ndi getsi, ndipo chipupa chidachita nkhungu. Kalipentala amene waona wapeza malata atatu oboola ndi dzimbiri, thabwa limodzi loola ndi misomali yosukusa. Ndaphatikiza zithunzi ndi pepala la mtengo wa ntchitoyi, K120,000.

Ndikupempha mwaulemu kuti dengali likonzedwe pofika pa 20 Okutobala, mvula isanayambe, chifukwa madzi akafika pa mawaya a magetsi akhoza kutivulaza ndi kuwononga nyumba yanu. Mmisiri wanu akhoza kubwera tsiku lililonse, mungondidziwitsa dzulo lake.

Ngati ndalama sizili pafupi, ndili wokonzeka kulipira ntchitoyi, ndipo ndizichotsa K40,000 pa lendi ya Novembala, Disembala ndi Januwale. Ndichita zimenezi pokhapokha mutavomera polemba. Chonde ndiyankheni pofika pa 13 Okutobala.

Ine wanu,
(dzina, saini ndi nambala ya foni)

Muona kuti m'kalatamu mulibe mawu oti khoti, loya kapena "apo ayi". Ndachita dala. Kalata yoyamba ikaopseza, eni nyumba ambiri amayankha ndi notisi, ndipo kusaka nyumba mu Novembala si chinthu chomwe ndingakufunireni. Komanso kalatayi tsiku lina ikhoza kudzawerengedwa ndi majisitireti, amene adzafune kuona munthu wolipira lendi pa nthawi, wofotokoza vuto momveka ndi wopereka mpata. Masiku 14 ndi okwanira pa ntchito ya malata atatu, yomwe kalipentala amaitsiriza tsiku limodzi kapena awiri. Mvula ikakhala kuti yayamba kale ndipo madzi akugwera pa getsi, pemphani masiku atatu, ndipo magetsi a chipindacho muzimitse.

Ndime yochotsa pa lendi ija ndiyo imathetsa nkhani zambiri zotere, chifukwa nthawi zambiri vuto la eni nyumba ndi ndalama ya nthawi imodzi. Koma ndi pomwenso anthu amagwera m'mavuto. Munthu amamva "konzani tidzaona" pafoni, nkugula malata, pakutha pa mwezi nkumva kuti lendi ndi yosakwana. Chilolezo chikhale cholembedwa, chotchula ndalama yonse ndi miyezi yochotsera. Uthenga wa pa WhatsApp wochokera pa nambala yawo ndi umboni, koma saini pa pepala imaposa. Sungani malisiti a kuhadiweya, ndipo kalipentala asainire ndalama yomwe walandira. Akapeza zina zoola atasasula kale malata, mtengo nkukwera, imani kaye mpaka eni nyumba avomere ndalama yoonjezerayo. Muonjezerenso mzere woti mukatuluka m'nyumbamo miyezi itatuyo isanathe, yotsalayo adzakubwezerani.

Lembani makope awiri. Imodzi muwapatse pamanja, pa inayo asaine ndi kulemba deti loti alandira. Akakana kusaina, pitani ndi mboni, munthu wamkulu amene si wa m'nyumba mwanu. Ngati amakhala kutali, monga ku Lilongwe, perekani kwa amene amatolera lendi, ndipo chithunzi cha kalatayo muwatumizirenso pafoni tsiku lomwelo.

Pa 20 Okutobala pakadutsa popanda kanthu, lembani kalata yachiwiri yaifupi, yotchula deti la yoyamba, yopereka masiku 7, ndi yonena kuti katundu wanu akawonongeka ndi madzi mudzapempha chipukuta misozi. Pakali pano sunthani bedi, matiresi ndi zamagetsi pamalo podontha, chifukwa khoti silikupatsani ndalama ya zinthu zomwe mukadatha kuziteteza. Mukhoza kupempha amfumu a m'dera lanu kuti akukhazikeni pansi nonse awiri. Zikakanika, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti pa Dedza ndi pangano, makalata onse awiri, zithunzi, pepala la kalipentala ndi malisiti a lendi, mukatsegule mlandu wofuna chipukuta misozi. Ngati loya simungamukwanitse, boma lili ndi ofesi yothandiza anthu osowa pa milandu, ndipo a kukhoti adzakulozerani yomwe ili pafupi.